Akwati owonda, abusa onenepa: chimene chimapotoza vidiyo ikachoka pa DVD

Mabanja ambiri ali ndi DVD ya ukwati, ya chinkhoswe kapena ya kwaya ya kumpingo imene inajambulidwa zaka 15 kapena 20 zapitazo. Makina oonetsera ma DVD akutha m'nyumba zathu, ndiye anthu akumatenga zimbale zawo n'kupita nazo kwa anyamata a makompyuta kuti akawaikire vidiyoyo mu fulashi kapena mu foni. Ikabwerako, mawu amamveka bwinobwino, mitundu ya zovala ndi yomwe ija, koma anthu asintha matupi. Mkwati amene aliyense akudziwa kuti anali wathupi akuoneka wowonda ndi wamtali, nkhope yasongoka. Pa vidiyo ina zimachitika mosiyana: abusa afupika, atambalala m'mbali, ndipo galimoto ya akwati ili ndi matayala ophwatalala.

Ambiri amati chimbale chakalamba, kapena kuti kamera ya nthawi imeneyo inali yachabechabe. Si choncho. Nthawi zambiri chithunzi chonse chikadalipo, palibe chimene chatayika kupatula kauthenga kakang'ono kamene kamauza makina kuti chithunzicho achitambasule mpaka pati. Kauthengako kakasowa kapena kakalakwika, makina amangoganiza okha, ndipo amaganiza molakwa. Munthu akamvetsa chifukwa chake kauthengako kanafunikira poyamba, kukonza kwake n'kosavuta.

Chithunzi chilichonse cha pa kompyuta kapena pa foni chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikseli, tondandalikidwa m'mizere. Tikamva kuti vidiyo ndi ya 1280 kwa 720, ndiye kuti mzere uliwonse wopingasa uli ndi mapikseli 1280, ndipo mizere yoteroyo ilipo 720 kuchokera pamwamba kufika pansi. Pa sikirini za masiku ano pikseli iliyonse ndi ya sikweya: kutambalala kwake n'kofanana ndi msinkhu wake. Chifukwa cha ichi, kungowerenga mapikseli kumatiuza kale maonekedwe a chithunzi. Tikagawa 1280 ndi 720 timapeza 1.78, ndipo umenewu ndiwo muyeso wa 16:9, wa ma TV otambalala amene ali m'masitolo lero. Ma TV akale aja a chimsana anali a muyeso wa 4:3, umene ukagawidwa umapereka 1.33.

Tsopano tiyeze DVD. Vidiyo ya pa DVD ya kuno kwathu, monganso ya ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain, imatsata dongosolo la PAL, ndipo imasungidwa pa mapikseli 720 kwa 576. Tikagawa 720 ndi 576 timapeza 1.25. Nambala imeneyi si ya 4:3, si ya 16:9. Palibe TV imene inaonetsapo chithunzi cha DVD pa muyeso wa 1.25. Chodabwitsanso china n'chakuti DVD ya chithunzi cha 4:3 ndi DVD ya chithunzi chotambalala cha 16:9 zonse zimasungidwa pa mapikseli omwewo, 720 kwa 576. Kuwerenga mapikseli sikungakuuzeni kuti chimbale chimene muli nacho n'cha mtundu uti.

Yankho lake n'lakuti mapikseli a pa DVD si a sikweya. Taganizani za mmisiri amene wayala matailosi a mitundumitundu pansi kuti apange chithunzi cha mpira wozungulira, ndipo matailosi akewo ndi otambalala m'mbali kuposa msinkhu wake. Walemba pa pepala kuti mzere woyamba uli ndi matailosi akutiakuti, wachiwiri akutiakuti, mpaka pansi. Mmisiri wina watenga pepala lija, watsata ndondomeko yonse osaphonya ndi tailosi imodzi yomwe, koma iye wagwiritsa ntchito matailosi a sikweya. Chiwerengero chonse n'cholondola, koma mpira uja watuluka wopanikizika m'mbali. Chimene chinasowa pa pepala ndi mzere umodzi wonena kukula kwa tailosi. Ndizo zimene zimachitikira vidiyo ya ukwati ija.

Kumene mapikseli otere anachokera

Munthu angafunse kuti n'chifukwa chiyani akatswiri anasankha mapikseli osafanana mbali, pamene a sikweya akanachepetsa mavuto onsewa. Zoona zake n'zakuti pa nthawi imene ankasankha, funso la maonekedwe a pikseli linalibe ntchito. TV yakale inalibe mapikseli. Inkalemba chithunzi ndi kuwala kothamanga kuchokera kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere. Chiwerengero cha mizere chinali chokhazikika: dongosolo la PAL linali ndi mizere 625, imene mwa iyo 576 ndiyo inkanyamula chithunzi, pamene dongosolo la NTSC la ku America ndi ku Japan linali ndi mizere 525, ya chithunzi pafupifupi 480. Koma m'kati mwa mzere umodzi munalibe zigawo. Munali chizindikiro cha magetsi chongoyenda, chokwera ndi kutsika malinga ndi kuwala kwa chithunzi.

Pofuna kusandutsa chizindikiro chimenechi kukhala manambala, pamafunika kuchiyeza mobwerezabwereza pa liwiro lokhazikika. Mu 1982 bungwe loona za mawailesi pa dziko lonse, limene pa nthawiyo linkatchedwa CCIR, linakhazikitsa lamulo lodziwika ndi nambala 601. Lamuloli linati kuwala kwa chithunzi kuziyezedwa ka 13.5 miliyoni pa sekondi. Nambala imeneyi sanaitole pamsewu. Inasankhidwa chifukwa imagawika bwino m'madongosolo onse awiri: imapereka miyezo 864 pa mzere wathunthu wa PAL ndi 858 pa mzere wa NTSC, popanda zotsalira. Mwa miyezo imeneyi anagwirizana kuti 720 ndiyo izisungidwa monga chithunzi, ku mbali zonse ziwiri za dziko. Kunali kupambana kwakukulu, chifukwa opanga zipangizo akanatha kupanga makina a mtundu umodzi ogwira ntchito ku Ulaya ndi ku America komwe.

Mtengo wake ndi umene tikulipira lero. Kuti chithunzi cha 4:3 cha mizere 576 chikhale ndi mapikseli a sikweya, chinafunika 768 pa mzere, osati 720. Cha mizere 480 chinafunika 640. Choncho pikseli ya PAL inatuluka yotambalalako pang'ono, ya NTSC yopanikizikako pang'ono. TV ya chimsana sinasamale zimenezo: inkangotenga mzere uliwonse n'kuutambasula kuchokera kumphepete kwina kwa galasi kufika kwina. Makamera a matepi a DV atabwera mu 1995, ndi DVD mu 1996, zonse zinatengera manambala omwewa. Pamene Television Malawi inkayamba kuulutsa mu 1999, ndiponso m'zaka zotsatira pamene ojambula maukwati ndi nyimbo za makwaya anachuluka m'matauni, zipangizo zimene zinali pamsika zinali za m'badwo umenewu.

Ma TV otambalala atafika, opanga DVD sanawonjezere mapikseli. Anangopanikiza chithunzi cha 16:9 kuti chilowe mu 720 momwemo, n'kuika chizindikiro chouza makina kuti poonetsa achitambasule kwambiri. Kuti chioneke bwino pa mapikseli a sikweya chimafunika 1024 kwa 576. Apa ndiye pamene vuto limaonekera poyera. Chithunzi choyenera kutambalala mpaka 1024 chikaonetsedwa pa 720, munthu aliyense amatsala ndi magawo 70 pa 100 alionse a kutambalala kwake. Ndiye mkwati wowonda uja. Ngati chimbale chinali cha 4:3, kusiyana kwake ndi kwa 720 ndi 768, pafupifupi magawo 6 pa 100, ndipo ambiri sazindikira n'komwe, amangomva kuti nkhope za abale awo zili ndi kachilendo kena. DVD yochokera kwa achibale a ku America imachita zosiyana: chithunzi choyenera 640 chikaonetsedwa pa 720, anthu amanenepa ndi magawo 12 ndi theka pa 100.

Si DVD yokha. Zimbale za VCD, zimene nyimbo ndi mafilimu ambiri zinkagulitsidwirapo, zimasunga 352 kwa 288, ndipo nazonso mapikseli ake si a sikweya. Makamera a HDV, amene anabwera pambuyo pake, amasunga 1440 kwa 1080 koma chithunzi chake chimayenera kuonetsedwa pa 1920 kwa 1080.

Mmene chizindikiro chimasowera

Pali miyeso itatu imene iyenera kusiyanitsidwa. Woyamba ndi wa mapikseli osungidwa, monga 720 kwa 576. Wachiwiri ndi wa pikseli imodzi payokha, kutambalala kwake poyerekeza ndi msinkhu wake. Wachitatu ndi wa chithunzi chimene maso ayenera kuona. Woyamba ukachulukitsidwa ndi wachiwiri umabala wachitatu. Pa DVD yotambalala ya PAL, mapulogalamu ambiri amatenga pikseli kukhala ya 64:45, kutanthauza 1.42, ndipo 1.25 kuchulukitsa ndi 1.42 kumatifikitsa pa 1.78. Pa DVD ya 4:3 pikseli imatengedwa kukhala ya 16:15.

Muyeso wachiwiri kapena wachitatu umalembedwa m'fayilo monga chizindikiro, ndipo ukhoza kulembedwa malo awiri. Fayilo ya vidiyo ili ndi chikuto, monga MP4 kapena MKV, ndipo m'kati mwake muli vidiyo yeniyeniyo ndi mawu. Chikuto chikhoza kunena muyeso wake, vidiyo ya m'kati n'kunenanso wake. Zikagwirizana, palibe vuto. Zikasemphana, pulogalamu ina imamvera chikuto, ina imamvera za m'kati, ndipo fayilo imodzi yomweyo imaoneka bwino pa kompyuta koma yopotoka pa TV. Ngakhale pa DVD penipeni, muyeso umalembedwa m'mafayilo a `IFO` ndiponso m'kati mwa mafayilo a `VOB`, ndipo zimbale zina zopangidwa mothamanga zinatuluka ndi zizindikiro zosemphana kuyambira tsiku loyamba.

Potembenuza vidiyo, pulogalamu yosasamala imakopera mapikseli onse 720 kwa 576 n'kusiya chizindikiro, kapena kulemba kuti mapikseliwo ndi a sikweya. Nthawi zina chizindikiro chimakhalapo ndithu koma makina oonetsera, makamaka ma TV ena amene amawerenga fulashi mwachindunji, sachiwerenga.

Palinso njira ina imene si ngozi konse, ndi dala. Wotembenuza amaona kuti vidiyo ya 4:3 ikusiya mipata yakuda kumanzere ndi kumanja kwa sikirini yotambalala, ndiye amaikoka kuti idzaze ponseponse, poopa kuti mwini wake anena kuti ntchito sinagwiridwe bwino. Kukoka 4:3 kufika pa 16:9 kumawonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu pa kutambalala kwa chilichonse. Ndiwo abusa ofupika ndi otambalala aja. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kuwononga. Mipata yakuda ija ilibe vuto lililonse. Imangosonyeza kuti kamera ya tsikulo sinajambule chimene chinali kumbaliko. Amene ali m'vidiyomo ena anatisiya kale, ndipo ana awo akuyenera kuwaona mmene analili.

Yambani ndi kuyeza

Musanakhudze fayilo, onani kaye TV yanu. Pa rimoti kapena m'makonzedwe a chithunzi mumakhala malo osankhira `4:3`, `16:9`, `Zoom` kapena `Auto`. TV yoikidwa pa `16:9` nthawi zonse imakoka vidiyo iliyonse yakale, ngakhale fayilo ili yabwinobwino. Fayilo yoteroyo mukaikonza, mwaiwononga.

Ngati vuto likuonekanso pa kompyuta, funani chinthu chozungulira m'vidiyomo. Nkhope si mboni yabwino, chifukwa maso athu amazolowera msanga ndipo sitikumbuka bwino kuti malume anali onenepa motani chaka chimenecho. Tayala la galimoto kapena la njinga ndilo labwino, bola likhale lojambulidwa kuchokera m'mbali mwenimweni, osati mopendekera. Wotchi ya pakhoma nayonso imathandiza. Imitsani vidiyo pamenepo, ikani rula pa sikirini, yezani msinkhu ndi kutambalala kwa tayalalo.

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Pali fayilo yotchedwa `ukwati.mp4`, yotembenuzidwa kuchokera pa DVD, ndipo anthu ake ndi owonda. Pamene galimoto ya akwati ikudutsa kutsogolo kwa kamera, tayala lapezeka ndi msinkhu wa mamilimita 100 pa sikirini, kutambalala mamilimita 70. Tikagawa 100 ndi 70 timapeza pafupifupi 1.43, nambala imene yayandikana kwambiri ndi 1.42 ija ya DVD yotambalala. Tadziwa kale kuti vidiyoyi inajambulidwa pa 16:9 ndipo ikuonetsedwa yopanikizika. Tayala likanakhala lotambalala mamilimita 94, tikanati ndi ya 4:3 ya PAL imene yataya chizindikiro. Likanakhala 133, tikanati ndi ya 4:3 yokokedwa kuti idzaze sikirini.

Njira yachangu yotsimikizira ndi pulogalamu yaulere ya VLC. Vidiyo ikuyenda, kudina batani la `A` kumasintha muyeso wa chithunzi kuchoka pa wina kupita pa wina. Pitirizani kudina mpaka tayala lizungulire, ndipo onani muyeso umene walembedwa pa sikirini. Ngati mukungofuna kuonera kamodzi pa kompyuta yanu, mwathana nazo pomwepa. Koma VLC sinasinthe fayilo. Mukaitumiza kwa mchemwali wanu ku Joni, iye adzaona anthu owonda omwe aja.

Kuti tione chimene fayilo ikunena za iyo yokha, pali pulogalamu ina yaulere yotchedwa FFmpeg, imene imabwera ndi kachida kofufuzira. Malamulo ake amachita kulembedwa, ndipo izi zimaopsa ena poyamba, koma ndi mizere yaifupi:

```
ffprobe ukwati.mp4
```

M'zimene zituluke, funani mzere wa vidiyo. M'chitsanzo chathu muli mawu awa:

```
720x576 [SAR 1:1 DAR 5:4]
```

Mu FFmpeg, `SAR` ndi muyeso wa pikseli imodzi, ndipo `DAR` ndi muyeso wa chithunzi choonetsedwa. Fayiloyi ikunena kuti mapikseli ake ndi a sikweya, ndipo chithunzi chake ndi cha 5:4. Ili ndi bodza, ndipo mwaligwira. Pa DVD yoyambirira mzere womwewu ukanati `SAR 64:45 DAR 16:9`. Mukangoona 720 kwa 576 kapena 720 kwa 480 pamodzi ndi `SAR 1:1`, kayikirani kuti chizindikiro chinatayika panjira.

Njira ziwiri zokonzera

Njira yoyamba ndi kubwezeretsa chizindikiro osakhudza chithunzi:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -c copy -aspect 16:9 ukwati2.mp4
```

Mawu akuti `-c copy` akuuza pulogalamu kuti ikopere vidiyo ndi mawu mmene zilili, ndipo `-aspect 16:9` akulemba muyeso wolondola. Ntchitoyi imatha mofulumira ngati kungokopera fayilo, ndipo chithunzi sichitaya ubwino wake ngakhale pang'ono. Malire ake ndi akuti chizindikiro chatsopanocho chimalembedwa pa chikuto chokha. Vidiyo ya m'kati ikupitirizabe kunena kuti mapikseli ake ndi a sikweya, ndiye makina amene amamvera za m'kati, kapena amene samvera chizindikiro chilichonse, adzaonetsabe anthu owonda. Njira imeneyi ndi yabwino pa fayilo yosunga, kapena pamene mwayesa pa makina amene mudzaonerepo n'kuona kuti zatheka.

Njira yachiwiri ndi kupanga chithunzi chatsopano cha mapikseli a sikweya, chimene sichidaliranso chizindikiro chilichonse. Iyi ndiyo yoyenera pa vidiyo imene iziyenda m'mafoni a abale ndi m'ma TV osiyanasiyana. Koma apa pali chinthu chofunika kuchiganizira. Vidiyo ikamapanikizidwa mwatsopano imataya kaubwino kena nthawi iliyonse, ndipo `ukwati.mp4` inadutsa kale m'chigayo chimenechi kamodzi. Ngati DVD yoyambirira ikadalipo ndipo ikuwerengeka, bwererani kwa iyo. Mu foda ya `VIDEO_TS` muli mafayilo monga `VTS_01_1.VOB` ndi `VTS_01_2.VOB`, vidiyo yaitali itadulidwa m'zigawo za pafupifupi gigabaiti imodzi. Koperani pa kompyuta, kenako:

```
ffmpeg -i "concat:VTS_01_1.VOB|VTS_01_2.VOB" -vf "yadif,scale=1024:576,setsar=1" -c:v libx264 -crf 20 -c:a aac ukwati3.mp4
```

Gawo la `scale=1024:576` ndilo likutambasula mzere uliwonse kuchoka pa mapikseli 720 kufika pa 1024. Chimbale chikanakhala cha 4:3 tikanalemba `scale=768:576`. Onani kuti 576 sitinaikhudze. Ena amakonza muyeso pochepetsa msinkhu, kusiya 720 n'kutsitsa mizere kufika pa 404 kapena 405. Anthu amaonekadi bwino, koma mizere yoposa 170 ya chithunzi yatayidwa ndipo sidzabwereranso. Kutambasula m'mbali sikuwonjezera chatsopano, komanso sikutaya chilichonse.

Gawo la `setsar=1` ndi laling'ono koma ndi pamene ambiri amagwera. FFmpeg ikamasintha chiwerengero cha mapikseli imayesetsa kusunga maonekedwe amene fayilo yoyamba inanena. Mukaipatsa fayilo yabodza ija ya 5:4 n'kuiuza kuti itambasule kufika pa 1024, imatambasuladi, koma kenako imalemba chizindikiro chatsopano chouza makina kuti apanikizenso chithunzicho kubwerera pa 5:4. Mumadikira nthawi yonseyo, n'kutsegula fayilo yatsopano, anthu ali owonda chimodzimodzi. Mawu akuti `setsar=1` amatseka khomo limenelo ponena motsindika kuti mapikseli atsopanowa ndi a sikweya.

Gawo la `yadif` likukhudza nkhani ina imene imayenda limodzi ndi iyi. Makamera ambiri a nthawi imeneyo ankajambula chithunzi chilichonse m'magawo awiri olukana, mizere yoyamba, yachitatu, yachisanu kaye, kenako yachiwiri, yachinayi, yachisanu ndi chimodzi patapita kamphindi. Pa kompyuta zimenezi zimaoneka ngati timano m'mphepete mwa chinthu choyenda, monga dzanja la wovina. `yadif` imasalaza timanoti, ndipo iyenera kubwera patsogolo pa `scale`, makamaka ngati msinkhu nawo ukusinthidwa, chifukwa mizere yolukana ikasakanizidwa isanasalazidwe imasiya mafunde amene sachotsekanso. Nambala ya `-crf 20` ndi ya ubwino wa chithunzi: ikatsika, chithunzi chimakoma ndipo fayilo imakula.

Mukamaliza, bwererani pa tayala lija n'kuliyezanso. `ffprobe` iyenera kunena kuti `1024x576 [SAR 1:1 DAR 16:9]`, ndipo rula iyenera kuvomereza.

Pamene kupotoka kwaphikidwira m'chithunzi

Nthawi zina DVD inatayika kapena inakalika, ndipo chimene chatsala ndi fayilo imene wina anaipotoza kale n'kuiika pa mapikseli a sikweya. Apa `ffprobe` sikuthandizani, chifukwa idzanena kuti `1280x720 [SAR 1:1 DAR 16:9]`, zonse zooneka zolongosoka. Rula yokha ndiyo ingakuuzeni zoona. Ngati tayala ndi 133 pa 100, ndiye kuti chithunzi cha 4:3 chinakokedwa, ndipo mankhwala ake ndi `scale=960:720,setsar=1`, popeza 960 kwa 720 ndiwo 4:3.

Zimachitikanso kuti pulogalamu yotembenuza inakhulupirira bodza la 5:4 lija, n'kuika chithunzi chopanikizikacho pakati pa chimango cha 1280 kwa 720 ndi mipata yakuda m'mbali. Chithunzi chenicheni pamenepo ndi chotambalala mapikseli 900, ndipo mpata uliwonse ndi wa 190. Mukangotambasula, mutambasula ndi mipata yomwe. Iyenera kudulidwa kaye:

```
-vf "crop=900:720:190:0,scale=1280:720,setsar=1"
```

Musasokoneze zimenezi ndi mipata yakuda ya pamwamba ndi pansi imene imapezeka pa zimbale zina za 4:3. Ojambula ena ankaika chithunzi chotambalala m'kati mwa chimango cha 4:3, chikutenga mizere 432 mwa 576, n'kusiya 72 pamwamba ndi 72 pansi. Chimbale chotero chikaikidwa pa 16:9 chifukwa choti chikuoneka chotambalala, anthu amaphwatalala. Chiyenera kutengedwa monga cha 4:3, ndipo ngati mukufuna kuti chidzaze sikirini yamakono, dulani mipatayo ndi `crop=720:432:0:72` musanachitambasule kufika pa 768 kwa 432.

Pali mkangano umodzi pakati pa akatswiri umene mungakumane nawo, ndipo ndi bwino kuudziwa kuti usakusokonezeni. Malinga ndi kayezedwe ka lamulo la 601, chithunzi chenicheni cha 4:3 sichidzaza mapikseli onse 720. Chimatenga pafupifupi 702 kapena 704 a pakati, ndipo otsalawo ndi a m'mphepete, amene pa matepi akale amaoneka ngati timizere takuda m'mbali. Ndiye ena amati njira yolondola ndi kudula mapikseli 8 kumanzere ndi 8 kumanja, kutsala ndi 704, n'kutambasula amenewo kufika pa 768 kapena 1024. N'chifukwa chake mudzaona ena akulemba 12:11 pamene ena alemba 16:15, kapena 16:11 m'malo mwa 64:45. Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi pafupifupi magawo awiri pa 100. Kwa osunga matepi a wailesi yakanema m'nyumba zosungira mbiri, magawo awiriwo ndi ofunika. Pa vidiyo ya ukwati, ngati mukuona timizere takuda topyapyala m'mbali zonse ziwiri, dulani kufika pa 704 ndi `crop=704:576:8:0`. Ngati chithunzi chafika mpaka m'mphepete, tengani 720 yonse.

Chinthu chimodzi chimene sindingagonjerepo ndi kusunga zoyambirira. Fayilo yokonzedwa ndi ya kuonera ndi kugawana, koma foda ya `VIDEO_TS` ikopereni yathunthu, mmene ilili, pa malo awiri osiyana, pamodzi ndi mafayilo ake a `IFO`. Zimbale zojambulidwa pa kompyuta zimawonongeka ndi kutentha, dzuwa ndi mikwingwirima. Ngati mukupereka ntchitoyi kwa wina, muuzeni kuti mukufuna fodayo payokha kuwonjezera pa MP4, kuti asakoke chithunzi pofuna kudzaza sikirini, ndipo musanalipire imitsani vidiyo pamene pali tayala kapena wotchi, muyeze ali pomwepo.